eMMC kapena UFS: chimene chimafoola foni yotchipa chaka chikangotha

Pa katoni ya foni amalemba ndi zilembo zikuluzikulu kukula kwa batire, mphamvu ya kamera ndi kuchuluka kwa malo osungira zinthu, kaya 64GB kapena 128GB. Chimene salemba kawirikawiri ndi mtundu wa malowo, chonsecho nthawi zambiri ndiwo umalamula ngati foniyo idzakhale ikuthamanga chaka chamawa kapena idzakhale ikuuma mukangotsegula WhatsApp. Mafoni awiri akhoza kukhala ndi 128GB onse, koma imodzi ili ndi chipu cha mtundu wa eMMC, inzake cha mtundu wa UFS. Mu shopu zonse zimaoneka zachangu chifukwa zili mbee, mulibe kanthu. Kusiyana kumadzaonekera patsogolo, ndalama zitapita kale.

Chipu chosungira zinthu mu foni chili ndi khalidwe limene ambiri salidziwa. Chimalemba zinthu m'timagawo ting'onoting'ono, titi timasamba, koma sichingalembe pamwamba pa katsamba kamene kali kale ndi zinthu. Chiyenera kufufuta kaye, ndipo sichifufuta katsamba kamodzi, chimafufuta mulu wonse wa timasamba tambirimbiri nthawi imodzi. Foni ikakhala yatsopano, milu yopanda kanthu ili mbwee, ndiye chilichonse chimene chabwera chimangolembedwa pomwepo. Pakatha miyezi, milu yonse imakhala itakhudzidwa, ndipo mulu uliwonse umakhala ndi zinthu zofunika zosakanikirana ndi zimene munafufuta kale.

Tingoyerekeza kuti mulu uli ndi timasamba 100. Pa foni imene ili ndi malo ambiri otsala, chipu chimapeza mosavuta mulu umene timasamba 20 tokha ndi tofunika. Chimasamutsa 20 tija, n'kufufuta mulu, n'kupeza malo a timasamba 80. Ntchito yapang'ono, phindu lalikulu. Pa foni yodzaza, mulu wabwino kwambiri umene chingapeze mwina uli ndi timasamba 90 tofunika. Chiyenera kusamutsa 90 tonseto kuti chipeze malo a 10 okha. Ndiye kuti pa katsamba kamodzi kamene inu mukufuna kulemba, chipu chikulemba khumi. Pamene chikuchita zimenezi, pulogalamu imene mwatsegula yangoima, ikudikira. Kumeneko ndiye kuuma kwa masekondi awiri kapena atatu kumene mumaona mukadina kamera kapena mukafuna kuyankha foni.

Vutoli lilipo pa eMMC ndi pa UFS pomwe, chifukwa mkati mwake zonse zimasunga zinthu mwa njira imodzi. Kusiyana kuli pa khomo limene zinthu zimadutsira ndi pa nzeru za kachipu kolamula ntchito. eMMC imawerenga kapena kulemba, koma siichita zonse ziwiri nthawi imodzi. Zili ngati pa mjigo umodzi: wa kapu amene akungofuna kumwa ayenera kudikira mpaka wa mgolo atadzaza. Play Store ikamalemba pulogalamu yatsopano kumbali, meseji yanu yaing'ono imene ikufunika kuwerengedwa imakhala pa mzere. UFS ili ndi njira ziwiri, yolowera ndi yotulukira, ndipo imalandira malamulo ambiri n'kuwasanja yokha kuti achangu adutse msanga. eMMC 5.1, imene inatuluka mu 2015, inawonjezerako kasanjidwe ka malamulo, koma njira inakhalabe imodzi, ndipo ndi mtundu womwewo umene mafoni otchipa akuugwiritsabe ntchito mpaka lero. UFS inayamba kufala chaka chomwecho cha 2015 ndi Samsung Galaxy S6, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikukwera: 2.1, 2.2, 3.1, 4.0.

Pa liwiro, eMMC 5.1 singapyole MB 400 pa sekondi, ndipo mu foni yeniyeni imawerenga pafupifupi MB 250 mpaka 300. UFS 2.1 ndi 2.2 zimafika cha m'ma 800 mpaka 1,000, UFS 3.1 cha m'ma 2,000, UFS 4.0 cha m'ma 4,000. Koma manambala amenewa ndi owerengera fayilo imodzi yaikulu monga filimu, ndipo si ndiwo amapweteka tsiku ndi tsiku. Foni imathera nthawi yake pa tizinthu ting'onoting'ono ta KB 4 tomwazikana paliponse. Meseji iliyonse ikalowa pa gulu la WhatsApp, pulogalamuyo imalemba kachinthu kakang'ono mu kaundula wake, n'kudikira chipu chivomereze kuti chalembadi. Gulu la mpingo, la kuntchito, la makolo a kusukulu, la maliro a kumudzi: mukayatsa data m'mawa, mameseji mazana amakhuthukira pamodzi ndi zithunzi ndi mavidiyo, ndipo chipu cha njira imodzi, chodzaza kale, chimatsamwa.

Izi si nkhani yongoganizira. Tabuleti ya Google ya Nexus 7 ya mu 2012 inatchuka chifukwa chofooka kwambiri itagwira ntchito miyezi ingapo, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti Android sinkauza chipu kuti timasamba takutitakuti tafufutidwa. Chipu chinkangosamutsa zinyalala ngati katundu wofunika. Android 4.3 ya mu 2013 inabweretsa lamulo la TRIM limene limachita ntchito youza chipuyo, ndipo mafoni onse a lero ali nalo. Mu 2017 ogula Huawei P10 anadabwa kuona kuti mafoni a dzina limodzi ndi mtengo umodzi akusiyana liwiro kwambiri. Zinadziwika kuti ena anaikidwa eMMC 5.1, ena UFS, ndipo kampaniyo inavomera. Purosesa inali yomweyo, kamera yomweyo, koma chosungira chinali chosiyana.

Ndiye munthu amene ali ndi ndalama zowerengeka achite bwanji? Njira zenizeni zilipo zinayi, ndipo sizilingana kulemera.

Foni yatsopano ya eMMC

Iyi ndi imene yadzaza m'mashopu ndi pa mabenchi, chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Redmi 9A, Redmi 13C ya 4G ndi Samsung Galaxy A05 ndi zitsanzo zodziwika, zonse za eMMC 5.1. Sindikunena kuti ndi mafoni oipa. Kwa munthu amene amangoimba, kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ndi kuyankha mameseji ochepa, foni yotere imakwanira zaka. Imavuta kwa munthu wa geni amene amajambula katundu tsiku lililonse ndipo ali m'magulu makumi awiri.

Ngati thumba lakana ndipo muyenera kugula eMMC, kukula kwa malo ndiko kukutetezeni. Tengani foni ya 32GB. Android ndi mapulogalamu obwera nayo zimadya pafupifupi GB 10 kapena kuposerapo musanaikemo kanthu. Mukaika WhatsApp, Facebook, TikTok ndi Chrome, iliyonse imayamba kutupa ndi zinthu zimene imasunga mobisa, ndipo magulu akamatumiza mavidiyo a MB 15 anayi okha pa tsiku, pa chaka ndi GB pafupifupi 22. Werengani nokha: foni yadzaza chaka chisanathe, ndipo yalowa kale m'chigawo chija cholemba khumi pofuna kulemba kamodzi. Munthu yemweyo ndi magulu omwewo pa foni ya 128GB amamaliza chaka atadzaza gawo limodzi mwa magawo atatu okha. Chipu chake chikadali cha njira imodzi, koma sichikuvutika ndi kusamutsa. Ndiponso zipu zokulirapo nthawi zambiri zimalemba msangako kuposa zazing'ono za mtundu womwewo. Choncho pa eMMC, ine 32GB sindingaigule ngakhale itatchipa bwanji, 64GB ndi ya wodziletsa, ndipo 128GB ndiye poyambira pabwino.

RAM, malo amene foni imaikapo kwa kanthawi mapulogalamu amene ali otsegula, nayo imalowererapo, ndipo apa ndi pamene mafoni otchipa amapwetekera kawiri. Foni ya RAM ya 2GB kapena 3GB siingasunge mapulogalamu ambiri ali otsegula, ndiye mukachoka pa WhatsApp kupita ku kamera, Android imatseka WhatsApp. Mukabwerera, iyenera kuiwerenganso yonse kuchokera pa chipu chochedwa chija. RAM yochepa imachulukitsa maulendo opita ku chosungira, ndipo chosungira chochedwa chimatalikitsa ulendo uliwonse.

Foni yatsopano ya UFS 2.2

Pa njira zonse, iyi ndi imene ndimalangiza kwa aliyense amene angathe kuwonjezera pang'ono kapena kudikira mwezi wina kuti ndalama zikwane. UFS 2.2 inakhazikitsidwa mu 2020 ndipo inatsikira ku mafoni a mtengo wapakati ndi wocheperapo, monga Redmi Note 12 ya 4G. Kupatula njira ziwiri zija, ili ndi chinthu chotchedwa WriteBooster: kachigawo kachangu kamene kamalandira kaye zolembedwa, n'kudzazisamutsira pamalo pake foni ikapuma. Pulogalamu siidikira nthawi yaitali kuti imve kuti zalembedwa. Kachigawoka nakonso kamafuna malo otsala, choncho UFS yodzaza thoo imafookanso. Kungoti kufooka kwake kumayambira pamwamba.

Chovuta ndi kuizindikira, popeza wogulitsa naye kawirikawiri sadziwa, ndipo sikuti akubisa, sanauzidwe. Dzina la foni lokha silikwanira. Redmi 13C ya 4G ili ndi eMMC 5.1, koma Redmi 13C 5G ili ndi UFS 2.2. Njira yachidule imene imathandiza ndi kuyang'ana purosesa, chifukwa ameneyo amalembedwa pa katoni kapena mu `About phone`. Mapurosesa a MediaTek monga Helio G35, G36, G85 ndi G88 amayenda ndi eMMC 5.1 basi, ndiye mukaona limodzi la mayina amenewa, yankho mwalipeza kale. Helio G99 ndi Snapdragon 680 kapena 685 amatha kuyenda ndi UFS 2.2. Ndanena kuti amatha, chifukwa kampani ikhoza kusankhabe eMMC pofuna kutsitsa mtengo. Pamenepo muyenera kufufuza nambala yeniyeni ya foniyo pa tsamba la kampani kapena pa GSMArena, pa mzere wa `Memory`.

Foni ikakhala m'manja mwanu, pulogalamu yoyezera monga CPDT Benchmark imakuuzani m'mphindi zochepa. Liwiro lowerenga fayilo yaikulu likakhala pansi pa MB 350 pa sekondi, pafupifupi ndithu ndi eMMC. Likapyola 500, ndi UFS, chifukwa eMMC singafike pamenepo ngakhale itafuna. Kwa amene ali ndi kompyuta ndipo amadziwa ADB, lamulo ili limasonyeza mayina a zosungira:

```
adb shell ls /dev/block
```

Mukaona `sda`, `sdb` ndi anzake, foniyo ndi ya UFS. Mukaona `mmcblk0` yokhala ndi magawo ambirimbiri ndipo `sda` palibe, ndi eMMC. Chotsani kaye memore khadi musanayese, chifukwa nayo imaoneka ndi dzina loyamba ndi `mmcblk` ndipo ikhoza kukusokonezani.

Pa mtengo wofanana, ndingasankhe foni ya UFS 2.2 ya 128GB ndi RAM ya 4GB kusiyana ndi ya eMMC ya 256GB yokhala ndi kamera ya manambala aakulu. Malo ochuluka amachedwetsa tsiku lodzaza, koma sasintha njira imodzi ija, ndipo mapulogalamu akamakula chaka ndi chaka, kudikira pa mzere kumakulanso ngakhale foni isanadzaze.

Foni yapamwamba yogwiritsidwa kale ntchito

Mafoni amene anali a mabwana zaka zapitazo amapezeka pa mtengo wa foni yatsopano yotchipa, ambiri ochokera ku Joni kapena ku Dubai. Pa nkhani ya chosungira amapambana kutali. Galaxy S10 ya mu 2019 ili ndi UFS 2.1, Galaxy S20 ya mu 2020 ili ndi UFS 3.0, ndipo RAM yake ndi yochuluka. Anthu amaopa kuti chipu chinatha ndi kulembedwa. N'zoona kuti mulu uliwonse uli ndi malire a kufufutidwa, cha m'ma zikwi zochepa, koma pa chipu cha 128GB chogwiritsidwa ntchito mwa masiku onse, malirewo amatenga zaka zambiri. Chimene chimayamba kufa pa mafoni amenewa ndi batire. Kenako pali sikirini ya mtundu wa AMOLED, imene ikasweka mtengo wake umayandikira wa foni yonse, ndi kutha kwa zosintha za chitetezo: za Galaxy S10 zinasiya kubwera mu 2023, zomwe si nkhani yaing'ono kwa munthu amene amasunga pulogalamu ya banki pa foni. Njira iyi ndi ya munthu amene amadziwa kuyesa foni asanalipire ndipo wasunga ndalama ya batire yatsopano. Kwa mayi anu kumudzi, ayi.

Kusamala imene muli nayo kale

Ambiri amene akuwerenga izi foni anagula kale, ndipo funso lawo ndi lakuti kodi ichira. Choyamba tsimikizani kuti vuto ndi chosungiradi. Zizindikiro zake ndi izi: mapulogalamu amachedwa kutseguka koma akatseguka amayenda bwino, foni imauma pamene ikutsitsa kapena kuika china chake, kamera imatenga nthawi kusunga chithunzi, `Gallery` imaonetsa timabokosi topanda kanthu kwa kanthawi, ndipo ikangoyatsidwa imakhala mphindi zingapo yosagwirika. Ngati m'malo mwake imachedwa pokhapokha yatentha, pa dzuwa kapena mukamaigwiritsa ntchito ili pa tchaja, ameneyo ndi purosesa amene akudzichepetsa liwiro kuti asapse. Ngati imazima yokha batire ili pa 30%, ndi batire. Ngati mavidiyo okha ndiwo akudukiza, ndi netiweki. Kufufuta zithunzi sikuchiza matenda atatu amenewa.

Vuto likakhala chosungira, mankhwala amphamvu kuposa onse ndi aulere: bwezani malo. Yesetsani kuti gawo limodzi mwa magawo asanu likhale lopanda kanthu, kutanthauza GB 6 pa foni ya 32GB kapena GB 13 pa ya 64GB. Yambirani pa WhatsApp, mu `Settings`, kenako `Storage and data`, kenako `Manage storage`, pamene imakusonyezani mafayilo oposa MB 5 ndi amene atumizidwa kambirimbiri. Pomwepo, pansi pa `Media auto-download`, chotsani mavidiyo kuti azitsika pokhapokha mwawadina. Zimenezi zimapulumutsanso bandulo. Mukatero, pitani pa Facebook, TikTok ndi Chrome mu `Settings` ya foni n'kudina `Clear cache`. Musadine `Clear data` pa WhatsApp, chifukwa mutaya mameseji. Kumbukiraninso kuti zithunzi zofufutidwa zimakhala kaye mu `Trash` kapena `Recently deleted` pafupifupi mwezi, zikudyabe malo, ndiye kakhuthuleni kumeneko.

Mukamaliza, musayembekezere kuti isintha pompo. Android imatumiza TRIM ija pa nthawi imene foni ikupuma, makamaka usiku ili pa tchaja, ndipo chipu chimafuna nthawi yosanja milu yake. Isiyeni usiku umodzi kapena uwiri ili yoyaka, pa moto, osaigwira. Foni imene imatchajidwa mothamanga pakabwera magetsi, mwini wake ali nayo m'manja, imasowa mpata umenewu.

Memore khadi ndi yothandiza ikagwira ntchito yake yoyenera, imene ndi kusunga nyimbo, mavidiyo ndi zithunzi kuti chipu cha mkati chipume. Imakhala yowononga mukaisandutsa gawo la malo a mkati, njira imene mafoni ena amapereka kuyambira pa Android 6.0 pansi pa mawu akuti `Format as internal`. Khadi ndi yochedwa kuposa eMMC pa tizinthu ting'onoting'ono tija. Ya chizindikiro cha A1 imalonjeza kuwerenga tizinthu 1,500 ndi kulemba 500 pa sekondi, pamene eMMC 5.1 yabwinobwino imachita zikwi zingapo kapena kupyola 10,000. Mukaika mapulogalamu pa khadi yotere mwachiritsa kudzaza koma mwagula kuuma koposa kale, ndipo khadi ikafa imapita ndi zonse, popeza siwerengeka pa foni ina. Sankhani `Portable storage`, ndipo chenjerani ndi makhadi otchipa modabwitsa: ena amalembedwa 64GB koma mkati muli malo ochepa, ndipo mumadziwa pamene zithunzi zayamba kukana kutseguka.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima ndikachiona pa makatoni: RAM yolembedwa 4GB+4GB kapena "8GB" yokhala ndi kanyenyezi. Xiaomi amaitcha `Memory extension`, Tecno ndi Infinix amaitcha `MemFusion`. Gawo lachiwirilo si RAM yeniyeni, ndi malo obwerekedwa pa chosungira chomwe chija. Pa foni ya eMMC ndiye kuti mwachotsa GB zingapo pa malo otsala, n'kuwonjezera ntchito yolemba pa chipu chimene chikulephera kale. Ikhoza kuthandiza kuti pulogalamu imodzi kapena ziwiri zisatsekedwe msanga, koma siisandutsa foni ya 4GB kukhala ya 8GB. Pogula, werengani nambala yoyamba yokha. Ngati foni yanu ya eMMC ili pafupi kudzaza, yesani kuzimitsa kapena kuchepetsa chinthuchi, muyatsenso foni, muone kwa masiku angapo. Mapulogalamu oyeretsa foni amene amalonjeza liwiro ndi kudina kamodzi achotseni: amatseka mapulogalamu amene foni iyenera kuwerenganso kuchokera pa chipu, ndipo ambiri amadzaza sikirini ndi zotsatsa malonda.

Chomaliza pa njirayi ndi kufomata foni yonse, `Factory reset`. Kumagwiradi ntchito, chifukwa kumabwezera chipu milu yambiri yopanda kanthu nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake foni yochokera kwa wokonza imakhala ngati yatsopano kwa kanthawi. Koma mukabwezeretsa zonse zimene munali nazo, magulu omwewo ndi mavidiyo otsika okha, pakatha miyezi itatu kapena inayi mudzakhala pomwe munali. Musanafomate, sungani mameseji a WhatsApp pa Google Drive, samutsani zithunzi, ndipo tsimikizani kuti mukukumbukira imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google imene ili pa foniyo, chifukwa ikhoza kuifunsa ikayakanso ndipo popanda iyo simulowa. Ngati mutafomata foni ikuumabe ili yopanda kanthu, kapena ikuzima n'kuyakanso yokha, kapena zinthu zimene mwafufuta zikubwerera mukaiyatsa, pamenepo chipu chenichenicho chikufa. Chinawotcheredwa pa bolodi, ndipo kuchisintha pa foni yotchipa kumadya ndalama zoyandikira mtengo wa foni ina, choncho tulutsani zithunzi ndi manambala anu lero lomwe pamene ikadawerengeka.